PSA ikakwera, musathamangire kunena kuti ndi khansa

Abambo ambiri amaganiza kuti kuyezetsa magazi a PSA kuli ngati kuyezetsa malungo, kuti alipo kapena palibe. Sizili choncho. PSA ndi puloteni yopangidwa ndi pulositeti, kachiwalo kamene kali kunsi kwa chikhodzodzo cha mwamuna. Pulositeti yabwinobwino imapanganso PSA, ndipo ikangokula ndi ukalamba kapena kutupa ndi matenda, nambala imakwera popanda khansa.

Tiyerekeze bambo wa zaka 58, wosamva kupweteka paliponse, pepala lake latuluka 5.2 ng/mL. Madokotala ambiri amayamba kukayikira nambala ikadutsa 4, ena 3. Koma dokotala wodziwa ntchito amayamba wafunsa. Kodi m'masiku awiri asanapereke magazi anakhala malo amodzi ndi mayi a kunyumba, kapena anapalasa njinga mtunda wautali? Ankamva kuwotcha pokodza? Anaikidwapo paipi ya mkodzo posachedwa? Zonsezi zimakweza PSA. Ngati panali matenda a m'njira ya mkodzo, achire kaye, papite masabata ngati 6, ayezenso. Nthawi zambiri nambala imatsika. Amene amamwa finasteride, mankhwala ochepetsa kukula kwa pulositeti, anene, chifukwa mankhwalawa amatsitsa PSA pafupifupi ndi theka, n'kubisa vuto.

Nambala ikakhalabe pamwamba, chotsatira ndi kujambula mkati mwa thupi ndi makina a MRI komwe alipo, kenako kutapa tinyama ta pulositeti ndi singano kuti akapime, zomwe zimatha kubweretsa magazi mumkodzo kapena kutentha thupi. Mwa amuna anayi a PSA yokwera, atatu sapezeka ndi khansa.

Chovuta kwambiri chili kwa wachinayiyo. Khansa zambiri za pulositeti zimakula pang'onopang'ono, moti munthu amatha kukalamba n'kufa ndi zina. Koma ukauzidwa kuti uli ndi khansa, mtima sukhala m'malo mpaka aichotse. Akatswiri a ku America anawerengera mu 2018 kuti mwa amuna 1,000 a zaka 55 mpaka 69 oyezedwa kwa zaka 13, pafupifupi 240 amauzidwa kuti PSA yakwera, 100 amapezeka ndi khansa, 80 amachitidwa opaleshoni kapena kuwotchedwa khansayo ndi cheza cha makina, 50 amafooka mphamvu za kuchipinda, ndipo mmodzi kapena awiri ndiwo amapulumuka ku imfa ya khansayi.

Komabe amuna akuda khansayi imawagwira kwambiri, ndiponso msanga. Ngati bambo anu kapena mchimwene wanu anadwalapo, kambiranani ndi dokotala kuyambira zaka 45. Mukapitirira zaka 70 muli osadwala, phindu la kuyezetsa ndi lochepa. Ndipo musanapereke mkono, funsani: ikakwera, adzandipima kuti, pa ndalama zingati? Ikapezeka khansa yofatsa, ndidzavomera kungoiyang'anira osaidula?

Zonsezi ndi za munthu amene akupeza bwino. Ngati mkodzo ukutuluka movutikira, muli magazi, kapena msana ndi mafupa zikuwawa osasiya, pitani kuchipatala sabata yomwe ino.