Musalembe kuti "konkire yolimba", lembani nambala

Amene mukumanga maziko kapena silabu kuno ku Mulanje: mu mgwirizano wanu ndi kontilakitala musamangolemba kuti "konkire ikhale yolimba bwino". Likadzasweka khonde, aliyense adzati yake inali yolimba, mlandu nkuthera pomwepo.

Lembani zoti munthu angayeze. Mwachitsanzo, silabu ikhale yokhuthala mamilimita 100, ndipo konkire ifike mphamvu ya 25 MPa, womwe ndi muyezo wa kulimba kwake, pa masiku 28. Onjezani kuti tsiku lililonse lothira adzatapa konkire yomweyo nkuumba timabuloko ta mamilimita 150 mbali zonse, tisungidwe m'madzi, tikaphwanyidwe ku labotale poyeza mphamvuyo, ena pa masiku 7, ena pa 28. Zotsatira za masiku 7 zimakuchenjezani msanga makoma asanakwere.

Madzi ndiye amandidetsa nkhawa kwambiri. Anyamata amakonda kuonjezera kuti fosholo iziyenda mofewa, komanso ndi mvula yathuyi mchenga umafika uli chinyontho kale. Choncho lembani kuti madzi asapitirire malita 25 pa thumba la simenti la makilogalamu 50, kuwerengera ndi a mumchengawo. Akachuluka amasiya timabowo mkati pouma, konkire nkufooka.

Lembaninso kuti silabu izithiriridwa masiku 7, ndi amene adzalipire kugumula ngati timabuloko talephera.