Momwe mungasankhire mneni woyambira mzere uliwonse pa siivi yanu

Wolemba anthu ntchito akagwira siivi, maso ake amatsetsereka kumanzere kwa pepala, pa mawu oyamba a mzere uliwonse. Akapeza mizere inayi yoyamba ndi "ndinkathandiza", sadziwa chomwe inuyo munkachita.

Tiyerekeze kuti munali kalaliki wa mosungira katundu pa golosale yaikulu, ndipo mwalemba kuti munkathandiza kulandira katundu, munkathandiza kuwerenga sitoko, munkathandiza kulemba malipoti, munkathandizanso antchito atsopano.

Choyamba, phimbani mizereyo ndi pepala, musiye mawu oyamba okha, muwawerenge mokweza kuchokera pamwamba. Mneni amene wamveka kawiri pansi pa ntchito imodzi muikeni chizindikiro. Chitaninso chimodzimodzi pa "ndinali ndi udindo wa" ndi "ndinkagwira ntchito ya", chifukwa mawu amenewa amatchula mpando, osati zimene munachita muli pampandopo.

Kenako, pa mzere uliwonse dzifunseni kuti: munthu akanaima pakhomo n'kumandiyang'ana, akanaona ndikuchita chiyani? Yankho lake ndiye mneni wanu. Lole ikafika, munkawerenga makatoni n'kuwayerekeza ndi invoisi, ndiye lembani kuti "Ndinatsimikizira katundu wofika pomuyerekeza ndi invoisi ndisanasaine." Pa sitoko, mwina ndinu amene munkapeza pomwe mabuku akusiyana ndi zomwe zili pa shelefu: "Ndinafufuza kusiyana kwa mabuku ndi sitoko mwezi uliwonse." Malipoti aja akhale "Ndinalemba lipoti la sabata la katundu wotsala pang'ono kutha." Pa antchito atsopano, nenani kuti "Ndinaphunzitsa makalaliki awiri kudzaza makadi a sitoko." Tsopano pali aneni anayi osiyana, ndipo asiyana chifukwa ntchitozo zinali zosiyanadi.

Apa mpamene ambiri amaphonya. Amangosaka mawu ofanana tanthauzo, "ndinkathandiza" n'kukhala "ndinkathandizira" kapena "ndinkatengapo mbali". Kubwereza kwatha, koma mzere sunanenebe kanthu. Ena amalumphira mneni wamkulu kuposa ntchito yawo. Ngati munali m'gulu lowerenga sitoko chabe, musalembe kuti "ndinatsogolera". Pa intavyu adzakufunsani kuti munkatsogolera anthu angati ndipo munkagawa bwanji ntchito, ndipo abwana anu akale akaimbiridwa foni adzanena zoona. Ntchito ikakhala ya gulu, tchulani gawo lomwe linali m'manja mwanu.

Yang'ananinso chilengezo cha ntchito yomwe mukufunsira. Ngati akufuna munthu woyang'anira sitoko ndi kulemba malipoti, mizere ya "ndinafufuza" ndi "ndinalemba" ikwere pamwamba. Ntchito yomwe munasiya ilembedwe m'nthawi yakale, yomwe mukugwirabe m'nthawi yatsopano.

Poti masiivi ambiri kuno amalembedwa m'Chingerezi, yambani mwayankha funso lija m'Chichewa, kenako sankhani mneni wa Chingerezi amene mukumudziwa bwino. Mneni yemweyo akabweranso pansi pa ntchito ina ya chaka china, ndipo ndi amene akunena zoona, musiyeni.