Mawu okhwatchidwa ndi olembedwa pamwamba pa anzake: mmene mungawataipire osabisa kanthu

Munthu akakupatsani pepala lolemba pamanja kuti mulitaipe, kaya ndi kalata ya agogo, maminitsi a komiti ya ku tchalitchi kapena ndakatulo yomwe mwini wake anali asanaimalize, dzanja limathamangira kutaipa mawu omwe atsala okha, okhwatchidwa aja nkungowalumpha. Ngati akungofuna kalata yoyera yoti atumize, palibe vuto. Koma ngati cholinga nkusunga zomwe zili papepalapo, zokhwatchazo nazonso ndi nkhani, zimaonetsa zomwe munthu anayamba kuganiza asanasinthe maganizo.

Tiyerekeze kuti muli ndi kalata ya bambo wina yemwe ankagwira ntchito kutali ndi kwawo. Pamzere wina analemba kuti watumiza mapaundi 5, kenako anakhwatcha nkulemba K10 pamwamba pake. Chapatsogolo anayamba kulemba "mbu" nkukhwatcha, nkupitiriza ndi "cimanga". Ndiye pa deti lomwe akuti abwera kumudzi pakuoneka 18, koma 8 wakeyo ndi wonenepa, inki yachuluka. Tigwiritsa ntchito mzere umenewu mpaka kumapeto.

Choyamba jambulani pepalalo musanataipe chilichonse. Pafupi ndi windo masana, fulashi yozima chifukwa imawalitsa inki nkubisa timizere tating'ono. Kenako jambulaninso malo okhwatchidwa okhawo mwapafupi, tochi ya foni ina ikuunika cham'mbali, motsika kwambiri ngati ikugona patebulo. Bolopeni imasiya kangalande papepala, ndiye kuwala kwa m'mbali kumaonetsa njira yomwe peni inadutsa ngakhale mawuwo atapakidwa kwambiri. Chonde musadutsitsemo pensulo kuti "ziwoneke bwino", ndipo labala asayandikire.

Chachiwiri sankhani zizindikiro zanu ndipo muzilembe pamwamba pa fayilo. Ambiri amathamangira batani lokhwatchira la mu Word lija, kapena Alt+Shift+5 mu Google Docs, zimaoneka bwino ndithu koma mukangokopera mawuwo kupita pa imelo kapena mu Notepad kamzere kaja kamatha kusowa, mapaundi 5 ndi K10 nkukhala moyandikana ngati munthuyo anatumiza zonse ziwiri. Ine ndimakonda zizindikiro zochita kutaipa chifukwa sizisowa kulikonse komwe fayilo ingapite:

```
[-mawu-]   okhwatchidwa
[+mawu+]   owonjezera pamwamba pa mzere
[3>8]      8 walembedwa pa 3 penipeni
[mawu?]    ndawerenga koma ndikukaika
[-...-]    okhwatchidwa, sakuwerengeka
```

Mukasankha mwasankha, osati tsamba loyamba izi lachitatu zina.

Chachitatu, ndipo apa mpomwe pali ntchito, siyanitsani mitundu ya kusinthako. Pali kusintha komwe munthu amapanga peni ili m'manja, amakhwatcha nkupitiriza pamzere womwewo. "Mbu" uja ndi wotero, mawu olowa m'malo mwake ali kutsogolo pamzere, ndiye "cimanga" musamuike m'zizindikiro za owonjezera, sanawonjezeredwe, anangotsatira. Ndipo taipani "mbu" yekhayo. Inde tonse tikuganiza kuti ankafuna kulemba mbuzi, komatu mwina ndi mbuto, mwina china, papepala pali zilembo zitatu basi. Mtundu wina ndi wobwerera, munthu wamaliza chiganizo kenako nkubwereranso kudzakonza, ndiye poti pamzere malo atha mawu atsopano amawapanikiza pamwamba kapena m'mbali mwa tsamba. K10 ndi wamtundu umenewu. Mzere wathu ukhala chonchi:

```
Ndatumiza [-mapaundi 5-] [+K10+] kwa amalume,
mugule [-mbu-] cimanga. Ndibwera pa 1[3>8] Disembala.
```

Taonani zomwe mukanataya mukanangotaipa K10. Kwacha inalowa m'malo mwa paundi m'Malawi mu 1971, paundi imodzi inali makwacha awiri, ndiye mapaundi 5 ndi K10 ndi ndalama imodzimodzi. Bamboyu sanasinthe ndalama yotumiza ayi, mutu wake unali udakawerengera m'mapaundi. Ngati kalatayo ilibe chaka, kukhwatcha kumeneku nkomwe kukukuuzani kuti sinalembedwe kwacha isanabwere.

Tsopano 8 wonenepa uja. Mudziwa bwanji kuti anayamba ndi 3 osati 8? Funsani kuti ndi chiti chingasanduke chinzake pongowonjezera inki. 3 amasanduka 8 mukatseka mbali yakumanzere, koma 8 sangasanduke 3 popanda kufufuta. Chimodzimodzi 1 kukhala 7 kapena 4. Onaninso komwe peni yadutsa kawiri kapena katatu, nthawi zambiri munthu amatsindika chomwe akufuna kuti chiwerengedwe. Koma kungoyang'ana pomwe timizere tiwiri tadutsana nkunena kuti aka kali pamwamba, samalani, inki yakuda kwambiri imaoneka ngati ili pamwamba ngakhale ili pansi. Zikavuta lembani zomwe zikuoneka bwino, chapansicho muike chizindikiro chokaikira.

Mawu opakidwa mpaka osawerengeka musawapeke. Ikani [-...-] ndipo ngati nkotheka nenani kutalika kwake, mwachitsanzo mawu ngati awiri kapena mzere wathunthu. Kukhwatcha mawu amodzi ndi kupaka mizere itatu yonse si zofanana, wowerenga ayenera kudziwa.

Yang'ananinso inki. Ngati kalata yonse ili ya buluu koma K10 ali wakuda, kapena K wake sakufanana ndi ma K ena a m'kalatamo, nkutheka kuti anakonza ndi munthu wina kapena linali tsiku lina. Izi lembani pansi pa tsamba ngati ndemanga yanu, musazilowetse pakati pa mawu a mwini kalata. Pa mapepala a ngongole kapena a malire a munda zimenezi si zamasewera. Nthawi zinanso mupeza mawu okhwatchidwa koma pansi pake pali timadontho, ndiye kuti wolembayo anawabwezeretsa, ataipeni ngati okhwatchidwa nkunena mu ndemanga kuti anabwezeretsedwa.

Zimitsani AutoCorrect musanayambe. Malembedwe akale ngati "cimanga" wopanda h asiyeni choncho, ngakhale mkati mwa mawu okhwatchidwa, inu si aphunzitsi ochonga.

Ngati ntchitoyo ndi ya kafukufuku wa ku yunivesite kapena ya malo osungira zolemba zakale, mwina akuuzani kuti mugwiritse TEI, ndondomeko yomwe mapulojekiti ngati Livingstone Online amagwiritsa potaipa makalata apamanja. Musaope, nzomwezi tanenazi, zizindikiro zake zangotalika:

```
<subst><del rend="strikethrough">mapaundi 5</del>
<add place="above">K10</add></subst>
<del rend="strikethrough">mbu</del> cimanga
1<subst><del rend="overwritten">3</del><add>8</add></subst>
```

`subst` akumanga pamodzi chochotsedwa ndi cholowa m'malo mwake, nchifukwa chake "mbu" alibe. Posawerengeka amaika `gap`, pokaikitsa `unclear`.

Mukamaliza pangani mayeso awiri. Werengani mzere mukulumpha zonse zokhwatchidwa, chimveke chiganizo chomaliza: watumiza K10, abwera pa 18. Werenganinso mukulumpha zowonjezera ndi zolembedwa pamwamba: mapaundi 5, pa 13. Pena pakapanda kumveka, nthawi zambiri ndiye kuti bulaketi mwaitseka malo olakwika kapena mwameza mawu omwe kamzere kokhwatcha kanangowakhudza kumapeto. Kenako mpatseni mnzanu pepala lenilenilo, inu muwerenge mokweza zomwe mwataipa pamodzi ndi zizindikiro zonse, iye azitsatira ndi chala mzere ndi mzere.