Kalata yodziwitsa makasitomala za dzina latsopano

"Kampani yathu yogulitsa mbewu ndi feteleza ku Dedza yaphatikizana ndi ina ya ku Ntcheu. Makasitomala tiwalembere bwanji za dzina ndi chizindikiro chatsopano?"

Yambani ndi dzina lakale, achimwene, chifukwa ndi limene mlimi wa ku Lizulu akulidziwa. Latsopanolo libwere m'chiganizo chomwecho, pamodzi ndi tsiku limene liyambe kugwira ntchito. Pamwamba pa kalatayo ikani zizindikiro zonse ziwiri moyandikana.

Kenako nkhani ya ndalama, ndipo apa musathamange. Nenani ngati akaunti ya kubanki yasintha kapena ayi, komanso kuti malisiti akale, ngongole ndi katundu amene analipiridwa kale zilemekezedwa. Akuba amakonda nthawi ngati imeneyi, amatumiza nambala zawo zolipirira, choncho lembani kuti wokayika aimbe foni pa nambala yakale ya kampani yanu.

Kalatayo isayinidwe ndi bwana amene makasitomalawo amamudziwa nkhope.