Momwe mungayankhulire mawu othokoza potseka maphunziro a m'dera

Pa tsiku lomaliza la maphunziro, wotsogolera mwambo amasendera pafupi ndi mmodzi mwa ophunzira n'kumunong'oneza kuti, "Inuyo ndi amene mutithokozere m'malo mwa anzanu." Ambiri akauzidwa chonchi mtima umagunda, ndipo akaimirira amathokoza aliyense pa chilichonse mpaka anthu kuyamba kutola zikwama. Mawu othokoza abwino sapitirira mphindi zitatu, ndipo amene wawamva amadziwa kuti ndani anachita chiyani, komanso kuti ophunzira atola chiyani. Tiyerekeze kuti m'dera mwanu munali maphunziro a masiku atatu a banki m'khonde, ochitikira m'kalasi ya pa sukulu ya pulayimale, ndipo ntchito yothokoza yagwera inu.

Choyamba: funsani ndondomeko ya mwambo

Mukangouzidwa, pitani kwa wotsogolera mwambo mukaone pepala la ndondomeko. Mukufuna kudziwa amene ayankhule inu musanaime, amene ayankhule pambuyo panu, ndi mphindi zimene mwapatsidwa. Pena wothokoza amayankhula mlendo wolemekezeka asanatseke maphunziro, pena amakhala womaliza kenaka pemphero. Ngati mlendo wolemekezeka sanayankhule, simungamuthokoze chifukwa cha mawu ake, mungomuthokoza chifukwa chobwera. Kumbukiraninso kuti kutseka maphunziro si ntchito yanu. Mawu akuti "maphunziro athu athera pano" ndi a mlendo wolemekezeka kapena a mfumu, ndipo mukawalankhula inu mwawalanda mpando.

Chachiwiri: lembani mayina ndi maudindo molondola

Safunsa anadya phula. Musadalire zimene munamva tsiku loyamba pamene anthu ankadzitchula mayina mothamanga. Tengani kapepala, mufunse mlembi wa komiti kapena wotsogolera mwambo kuti akuuzeni dzina ndi udindo wa aliyense amene wakhala kutsogolo. Kutchula a Gulupu kuti a Nyakwawa ndi kulakwitsa kumene anthu amakukumbukira kuposa zonse zabwino zimene munanena. Chimodzimodzi kusokoneza wapampando wa ADC, komiti ya chitukuko cha dera, ndi wa VDC, komiti ya chitukuko cha m'mudzi, kapena kutchula mlangizi wa chitukuko cha m'midzi kuti ndi wa zaulimi.

Funsaninso kuti anapereka ndalama zoyendetsera maphunzirowo ndani. Kawirikawiri amene akuphunzitsa ndi alangizi a boma, koma chakudya, makope ndi bokosi losungiramo ndalama zagulidwa ndi bungwe lina. Mukathokoza mbali imodzi yokha, inayo imabwerera kwawo itakhumudwa, ndipo dera lanu ndi limene lingadzavutike pa maphunziro ena.

Potchula akuluakulu, tsatirani mndandanda umene wotsogolera mwambo wakhala akugwiritsa ntchito, chifukwa m'madera mumasiyana pa nkhani yoti khansala ndi mfumu ayambe ndani. Mafumu okha ndiye n'zodziwika: mfumu yaikulu ikakhalapo imayamba, kenaka a Gulupu, kenaka a Nyakwawa. Ngati oyankhula atatu atchula kale mndandanda wonse, inu tchulani awiri kapena atatu apamwamba n'kunena kuti, "ndi nonse monga mwa maudindo anu, landirani ulemu wanu." Palibe amene angakwiye nazo.

Chachitatu: sankhani zinthu ziwiri zimene mwaphunziradi

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndi pamene othokoza ambiri amaphonya. Mawu akuti "taphunzira zambiri zothandiza pa moyo wathu" angayankhulidwe pa maphunziro a ulimi wa nkhuku, a ukhondo kapena a chisankho osasintha ngakhale liwu limodzi. Mphunzitsi amene waima masiku atatu akulemba pa bolodi akamva zimenezo sadziwa ngati zimene ankanena zinalowa. Ngakhale amene anagona m'kalasi atha kunena chimodzimodzi.

Nthawi ya kupuma, zungulirani anzanu atatu kapena anayi, amayi ndi abambo, wachinyamata ndi wachikulire. Afunseni funso limodzi: "Ndi chiyani chimene simunkachidziwa Lolemba koma lero mukuchidziwa?" Pa maphunziro a banki m'khonde mayankho amakhala ogwirika. Wina anena kuti sankadziwa chifukwa chake bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ake n'kusungidwa ndi anthu atatu osiyana, bokosilo n'kumagona kwa munthu wina amene alibe kiyi. Wina anena za masheya, kuti pa msonkhano uliwonse membala amagula kuyambira imodzi mpaka zisanu, ndipo iliyonse imadindidwa m'kabuku kake onse akuona. Wina anena kuti ngongole isapitirire katatu ndalama zimene munthu wasunga, kapena kuti thumba la zadzidzidzi, lothandiza pa matenda ndi maliro, silisakanizidwa ndi ndalama zokongoza.

Pa zonsezi tengani ziwiri zokha. Mukatenga zisanu mwayamba kubwereza maphunziro, pamene ntchito yanu ndi kuthokoza. Ine ndimakonda kusankha chimodzi chimene chinadabwitsa anthu ambiri, ndi china chimene chinabweretsa mtsutso m'kalasi mpaka mphunzitsi anachita kufotokoza kawiri. Anzanu akamva zimenezo amagwedeza mitu, chifukwa akudziwa kuti mukunena za iwo. Musatchule dzina la mnzanu amene analephera kuwerengetsa chiwongoladzanja pa bolodi, ngakhale anthu anaseka tsiku limenelo. Pamaso pa mafumu sizisekesa, zimachititsa manyazi.

Chachinayi: kumbukirani amene sanakhale kutsogolo

Pali amayi amene ankafika m'mawa kudzasonkha moto, achinyamata amene ankatunga madzi ku mjigo, ahedi ndi komiti ya sukulu amene anapereka chipinda, ndi mlonda amene ankatsegula chitseko. Anthu amenewa nthawi zambiri amakhala panja pamene mwambo ukutsekedwa, akutsuka mapoto. Athokozeni potchula ntchito yawo, ndipo kwezani mawu kuti amve ali komweko. Ziganizo ziwiri zakwana.

Chachisanu: lonjezo limodzi, lokhala ndi tsiku

Mawu othokoza amalemera akakhala ndi chimene gulu lichite. Koma lonjezo limenelo lisachokere m'mutu mwanu nokha. Ngati gulu linagwirizana kuti likumana Lachinayi likubwerali kudzasankha komiti ndi kulemba malamulo, nenani zimenezo. Ngati simunagwirizane chilichonse, funsani anzanu musanaime. Kulonjeza kuti "tikhazikitsa magulu khumi chaka chino" anzanu asakudziwa n'kuwamangirira katundu amene sanavomere kusenza, ndipo mlangizi adzabwera kudzafunsa.

Nanga madandaulo? Mwina ndalama ya mayendedwe inachepa, mwina chakudya chinkachedwa, ndipo anzanu akukukankhani kuti "mukanene pomwepo". Musatero. Zimenezo zili ndi malo ake: pepala lounikira maphunziro limene mumalemba pomaliza, kapena kukambirana pambali pakati pa komiti ndi okonza maphunziro. Mukasakaniza kuthokoza ndi kudandaula, alendo amangokumbukira dandaulolo. Pempho limodzi lokhudza ntchito yomweyo ndi lololedwa, monga kupempha alangizi kuti adzakhalepo pa msonkhano woyamba wogula masheya.

Chitsanzo chake

Mukaika zonsezi pamodzi, mawu anu angamveke motere. Pamene pali udindo, onjezerani dzina la mwiniwake.

"Mlendo wathu wolemekezeka, a Gulupu ndi mafumu onse, a Khansala, ndi nonse monga mwa maudindo anu, landirani ulemu wanu. Ndaima pano m'malo mwa anzanga amene takhala tikuphunzira za banki m'khonde kuyambira Lolemba.

"Amayi alangizi, zikomo. Ambirife tinkaganiza kuti ndalama za gulu zimasungidwa ndi munthu mmodzi wokhulupirika. Mwationetsa chifukwa chake bokosi limafuna maloko atatu, ndiponso kuti ndalama ziziwerengedwa tonse tikuona. Dzulo titasemphana pa nkhani ya ngongole, simunatope nafe mpaka tonse tinamvetsa kuti munthu asakongole kupitirira katatu zimene wasunga.

"Tikuthokoza bungwe limene latigulira bokosi, timabuku ndi chidindo. A Gulupu, zikomo polengeza uthenga m'midzi yonse ndi kudzakhala nafe lero. Ahedi ndi komiti ya sukulu, zikomo potipatsa chipinda chino. Amayi amene mwakhala mukutiphikira ndi anyamata amene mumatunga madzi, ntchito yanu taiona, zikomo kwambiri.

"Ife tagwirizana kuti Lachinayi likubwerali, 2 koloko masana, tikumana pano kudzasankha komiti ndi kulemba malamulo a gulu. Amayi alangizi, tikupempha kuti pa tsiku loyamba kugula masheya mudzakhale nafe. Nonse muyende bwino. Zikomo."

Mawu amenewa ndi osakwana 200, ndipo mukawayankhula modekha amatenga pafupifupi mphindi ziwiri. Onani kuti aliyense wathokozedwa pa chinthu chimodzi chooneka, ndipo gawo lalitali kuposa onse lapita kwa mphunzitsi, amene wagwira ntchito yaikulu.

Chomaliza: yeserani, kenaka imirirani

Pitani kuseri kwa kalasi mukayankhule mokweza kamodzi kapena kawiri, mnzanu akuyang'ana nthawi pa foni. Zikapitirira mphindi zitatu, dulani mawu oyamikira ongokometsera, osati mayina a anthu. Pa kapepala kanu lembani mayina, mfundo ziwiri zija ndi tsiku la msonkhano basi. Mukalemba mawu onse, mudzangoweramira pepala osayang'ana amene mukuwathokoza.

Poimirira, khalani cha pambali kuti musafulatire mafumu kapena anzanu. Musayambe ndi kupepesa kuti simudziwa kuyankhula kapena kuti angokudzidzimutsani, chifukwa zimadya nthawi ndiponso zimanyozetsa amene anakusankhani. Yankhulani chilankhulo chimene ambiri m'chipindamo akumva. Ngati pali mlendo wosamva Chichewa, wina amutanthauzire chapansipansi, kusiyana n'kuti inu munene zonse kawiri.

Mudzadziwa kuti mwatalikitsa mukaona wotsogolera mwambo waimirira n'kuyamba kusendera kwa inu, kapena mukadzimva mukunena "pomaliza" kachiwiri. Zikatero pitani molunjika pa lonjezo la gulu, nenani zikomo, khalani pansi. Mukakhala pansi n'kuzindikira kuti mwaiwala munthu wofunika, musaimirirenso. Lembani dzina lake pa kapepala mupatse wotsogolera mwambo kuti amutchule pemphero lisanachitike, ndipo mwambo ukatha mukamupeze munthuyo mumupatse moni wa m'manja n'kumuthokoza pamaso.