Momwe mungatchajire wotchi yamakono ndi timahedifoni topanda chingwe

Wotchi yamakono ikakana kulowa moto, ambiri amathamangira kunena kuti batire yafa. Nthawi zambiri vuto limakhala pa timadontho tachitsulo takumsana kwake, pomwe timapini ta tchaja timagunda. Wotchi imakhala pamkono tsiku lonse, ndipo thukuta ndi mafuta odzola zimaunjikana pamenepo mpaka kutseka njira ya moto.

Yambani ndi kupukuta. Zulani tchaja kumagetsi, nyowetsani kathonje ndi spiriti pang'ono, mupukute timadonthoto ndi timapini ta tchaja, kenako mudikire ziume. Musapale ndi singano kapena lumo, chifukwa mukachotsa utoto wagolide wapamwamba, dzimbiri limalowa msanga. Dinikizaninso kapini kalikonse ndi chikhadabo: kayenera kulowa n'kubwerera kokha. Kakatsalira mkati, chingwecho chatha ntchito. Timahedifoni nato n'chimodzimodzi. Kamodzi kakamatha moto msanga kanzake kali bwino, yang'anani pansi pa dzenje lake m'kabokosi, mumabisala fumbi.

Mukatero, onani komwe moto ukuchokera. Tizipangizoti timafuna mavoti 5 okha, choncho werengani pa mutu wa tchaja ndipo musankhe wolembedwa 5V 1A, kapena mulowetse pa laputopu. Kabokosi ka mahedifoni otchipa kokhala ndi bowo la USB-C nthawi zina sikalandira moto pa chingwe chomwe mbali zonse ndi USB-C. Yesani chingwe chomwe mbali inayo ndi USB-A, mutu waukulu wakale uja, musanataye kabokosiko.

Magetsi akazima, pawabanki ili ndi vuto lakelake. Wotchi imakoka moto wochepa kwambiri moti pawabanki imaona ngati palibe chomwe chalumikizidwa, n'kuzima yokha pakangopita kanthawi. Mudzazindikira poona kuti wotchi yayamba kutchaja kenako yasiya, timagetsi ta pawabanki tathima. Mapawabanki ena, monga ambiri a Xiaomi, amakhala ndi njira yotchajira tinthu ting'onoting'ono mukadina batani kawiri. Yanu ikakhala yopanda njirayi, lumikizaninso foni pa bowo lina kuti pawabankiyo isazime.

Pomwe pamafunika kusamala kwenikweni ndi pogula chingwe china. Zingwe za maginito za mapini awiri zimaoneka zofanana, koma mpata wa pakati pa mapini umasiyana, pali za mamilimita 2.84, 4 ndi 7.62, ndipo mbali yolowera moto imathanso kusinthana. Chingwe chosinthana mbali chikhoza kuotcha wotchi. Pitani nayo wotchiyo kwa wogulitsa, muyese pomwepo. Maginito akamakankha m'malo mokoka, musakakamize. Chizindikiro cha batire chikapanda kuoneka, kapena wotchi ikayamba kutentha, chotsani msanga. Ndipo kunyumba musasiye chingwechi chili kumagetsi pafupi ndi makiyi kapena mapini a zovala: maginito amazikoka, zimagunda mapini onse awiri a chingwecho, tchaja n'kupsa.