Momwe mungakonzere sikirini ya kiyosiki yomwe ikudula mbali ina ya pulogalamu

Mwalumikiza sikirini ya mainchesi 7 ku Raspberry Pi, pulogalamu yatseguka bwinobwino, koma batani lotsimikizira lomwe limayenera kukhala pansi silikuoneka. Anthu ambiri akaona zimenezi amathamangira kuchepetsa zilembo. Musayambire pamenepo. Vuto likhoza kukhala pa galasi lenilenilo, pa chithunzi chomwe kompyuta ikutumiza, kapena pa kayalidwe ka pulogalamu, ndipo muyenera kuziona motsatana chomwecho. Pano titenga sikirini ya mapikiselo 1024 m'lifupi ndi 600 m'litali, yolumikizidwa ndi HDMI, yoonetsa tsamba la Chromium.

Choyamba, dziwani kukula kwenikweni kwa galasi. Musakhulupirire zomwe zalembedwa pa katoni. Ogulitsa ena amalemba 1080p pomwe akutanthauza kuti kabolodi ka kumbuyo kamalandira chithunzi chachikulu chotero n'kuchifinya, galasilo lili la 1024 kwa 600 kapenanso 800 kwa 480. Ngati mtengo ndi wotsika modabwitsa ndipo wogulitsa sakukupatsani chikalata cha galasi, kayikirani. Tembenuzani sikirini, werengani nambala yomatidwa kumbuyo kwa galasi, ndipo mufufuze chikalata cha nambala imeneyo.

Mukadziwa kukula, pangani chithunzi choyesera cha 1024 kwa 600 ndendende, chakuda, chokhala ndi mzere woyera wa pikiselo imodzi kuzungulira m'mphepete monse ndi bwalo pakati. Chitseguleni modzaza sikirini. Mizere inayi yonse ikasowa, bolodi ikukulitsa chithunzi ngati mmene amachitira ma TV, ndipo muzimitsa zimenezo pa mabatani a bolodiyo. Mzere ukaoneka wotuwa kapena wosweka, kapena bwalo likaphwatalala ngati dzira, ndiye kuti kompyuta ikutumiza kukula kolakwika ndipo bolodi ikukutambasula kapena kukufinya. Koma mizere yonse ikaoneka yakuthwa, galasi ndi kompyuta zikumvana, dumphani mupite ku pulogalamu.

Gawo lotsatirali ndi lomwe limadya nthawi, choncho tilitenge pang'onopang'ono. Sikirini iliyonse imauza kompyuta kukula komwe imatha kuonetsa kudzera mu kauthenga kotchedwa EDID. Mabolodi otchipa amapangidwa kuti agwire ntchito ndi magalasi osiyanasiyana, ndiye kawirikawiri uthengawo umakhala wokopera kwina: umanena 1920 kwa 1080 kapena 1280 kwa 720, ndipo 1024 kwa 600 mulibemo n'komwe. Kompyuta imangomvera zomwe yauzidwa. Linux imaonetsa zithunzi kudzera mu dongosolo la X11 kapena la Wayland. Mu terminal, lembani `xrandr` ngati muli pa X11, kapena `wlr-randr` ngati muli pa Wayland. Pa `xrandr`, mzere wokhala ndi nyenyezi ndiwo ukugwira ntchito pakali pano, ndipo wokhala ndi chizindikiro cha + ndiwo sikirini ikuti imaukonda.

Ngati 1024x600 palibe pa mndandanda, muyenera kuikakamiza, ndipo apa m'pomwe ambiri amasokonekera. Malangizo akale amati muike mizere iyi mu `config.txt`:

```
hdmi_group=2
hdmi_mode=87
hdmi_cvt=1024 600 60 6 0 0 0
```

Mizereyi ndi yolondola, koma pa dongosolo lakale lokha. Mukaona `dtoverlay=vc4-kms-v3d` mu fayilo yomweyo, monga zilili pa Raspberry Pi OS Bookworm ya mu 2023, ndiye kuti woyendetsa sikirini ndi Linux mwiniwake, ndipo mizere ya `hdmi_` saiwerenga. Choipa chake n'chakuti sipabwera uthenga uliwonse wokuchenjezani. Mumasintha manambala, kuzimitsa, kuyatsanso, chithunzi chili chomwechi, mpaka mumayamba kuganiza kuti kebulo kapena sikirini ndi yowonongeka. Malo oyenera ndi `/boot/firmware/cmdline.txt`, ndipo muwonjezere izi:

```
video=HDMI-A-1:1024x600M@60D
```

Chilembo M chikuuza Linux kuti iwerengere yokha nthawi za chithunzi, pomwe D ikuikakamiza kutulutsa chithunzi ngakhale sikirini isanayankhe, zomwe zimathandiza pamene sikirini imachedwa kuyaka poyerekeza ndi kompyuta. Samalani kwambiri: fayiloyi ili ndi mzere umodzi wokha. Siyani mpata umodzi kumapeto kwa mzerewo ndipo mulembe pomwepo, osatsikira pa mzere wachiwiri, chifukwa za pa mzere wachiwiri sizifika. Ngati Raspberry Pi yanu ili ndi mabowo awiri a HDMI, loyandikana ndi polowera magetsi ndilo `HDMI-A-1`. Mukayatsanso, lembani `cat /proc/cmdline` muone ngati mawu anu alimo.

Nthawi zina zilembo zoyamba poyatsa zimaoneka bwino, koma pulogalamu ikatseguka chithunzi chimabwerera ku kukula kwakale, chifukwa desikitopu imasankhanso yokha. Pa X11, lembani `cvt 1024 600 60` ndipo manambala otulukawo muwagwiritse ntchito motere:

```
xrandr --newmode 1024x600k 49.00 1024 1072 1168 1312 600 603 613 624 -hsync +vsync
xrandr --addmode HDMI-1 1024x600k
xrandr --output HDMI-1 --mode 1024x600k
```

Dzina la bowo litengeni pa zomwe `xrandr` yaonetsa, chifukwa limasiyana pa makina ena. Malamulowa amaiwalika mukazimitsa, ndiye aikeni mu fayilo yoyambitsa kiyosiki, pamwamba pa mzere wotsegula Chromium. Sikirini ikangoda kapena chithunzi chikasunthira mbali imodzi, galasilo silikugwirizana ndi nthawi za `cvt`, ndipo mutenge manambala a mu chikalata chake m'malo mwa awa. Bwerezani chithunzi choyesera chija musanapitirire.

Tsopano pulogalamu. Tiyerekeze kuti tsamba la kiyosiki yanu linayalidwa pa 1024 kwa 768. Galasi lathu lili ndi mizere 600, ndiye mizere 168 yapansi yatsala kunja, ndipo batani lija lili m'menemo. Kuti mutsimikize, mu console ya Chromium funsani `window.innerWidth`, `window.innerHeight` ndi `window.devicePixelRatio`. Muyenera kupeza 1024, 600 ndi 1. Nambala yachitatu ikaposa 1, tsamba likudziona ngati lili pa sikirini yaing'ono kuposa yeniyeni, ndipo `--force-device-scale-factor=1` imathetsa zimenezo.

Njira yachidule ilipo. Gawani 600 ndi 768, mupeza pafupifupi 0.78:

```
chromium --kiosk --force-device-scale-factor=0.78 http://localhost/
```

Zonse zikwanamo, koma pali zomwe mwataya. Pa galasi lotere pikiselo imodzi ndi pafupifupi mamilimita 0.14 m'litali, kotero batani la mapikiselo 48 lomwe linali pafupifupi mamilimita 7 latsala ndi pakati pa 5 ndi 6. Chala cha munthu wamkulu chiyamba kuphonya, ndipo okalamba avutika kuwerenga. Kwa ine njirayi ndi ya sikirini yongoonetsa zinthu, osati yogwiragwira.

Ngati tsambalo ndi lanu, likonzeni. Chotsani `min-height: 768px` paliponse pomwe ili, bokosi lalikulu lipatseni `height: 100vh`, mabatani apansi akhale okhazikika ndipo gawo lapakati lokha ndilo lizitsetsereka. Dulani mutu wa pamwamba, womwe nthawi zambiri umadya malo popanda ntchito. Musabise vuto ndi `overflow: hidden`, batanilo likhalabe kunja. Kumbukiraninso kiyibodi ya pa sikirini, yomwe ikatuluka imaphimba gawo lalikulu la mizere 600 ija.

Zotsala ndi zazifupi. Ngati chala chikugunda pena, kompyuta n'kumva pena, pa X11 gwiritsani ntchito `xinput map-to-output` ndi nambala ya chipangizo komanso dzina la bowo. Yesaninso sikirini ili kale m'bokosi lake, chifukwa chimango chodulidwa mothina chimaphimba mamilimita angapo a m'mphepete. Pomaliza zulani magetsi a zonse ziwiri, muzilumikize nthawi imodzi, muone ngati kukula kwa 1024 kwa 600 kukubwerera kokha.